Mwininkhani ndi mneni: momwe chiganizo cha Chingerezi chimaweruzidwira

Chiganizo cha Chingerezi chimatha kulakwika m'njira zambiri. Mneni akhoza kukhala m'nthawi yosayenera, mperekezi akhoza kuikidwa pamene sayenera kukhala, kapena mawu akhoza kusanjidwa mokhota. Koma cholakwa chimene chimapezeka kawirikawiri, kuyambira m'chimangirizo cha wophunzira wa Fomu 4 mpaka m'kalata ya ku ofesi, ndi kusagwirizana kwa mwininkhani ndi mneni. Lamulo lake ndi lalifupi: mwininkhani akakhala chinthu chimodzi, mneni akhalenso wa chimodzi, akakhala zinthu zambiri, mneni akhale wa zambiri. Aliyense amene anafika Sitandade 8 analimvapo. Ntchito yaikulu imakhala pa kupeza mwininkhani weniweni pakati pa mayina ambiri amene ali m'chiganizo, ndi kudziwa ngati Chingerezi chimamuwerenga ngati chinthu chimodzi kapena zambiri.

Asanaweruze chiganizo, munthu ayenera kudziwa chimene akuweruza. Kutsata malamulo a chiyankhulo ndi nkhani ina, kukhala ndi tanthauzo ndi nkhani inanso. Chiganizo chakuti *The hoe drinks my Tuesday* ndi chopanda nzeru, pakuti khasu silimwa, ndipo Lachiwiri si chakumwa, koma malamulo onse atsatidwa: mwininkhani ndi mmodzi, mneni ndi wa chimodzi, pamtherankhani ali pamalo pake. Pamene *The children is hungry* aliyense akumva kuti ana ali ndi njala, komabe chiganizocho ndi cholakwika. Katswiri wa ziyankhulo wa ku Amereka, Noam Chomsky, anatsindika kusiyana kumeneku m'buku lake la mu 1957 lotchedwa *Syntactic Structures*. Kwa woweruza chiganizo izi zikutanthauza kuti kumveka kwa uthenga si umboni wakuti zonse zili bwino.

Pamene mgwirizano umaonekera

Woyankhula Chichewa amaudziwa bwino mgwirizano, kuposa ngakhale mwini Chingerezi. M'Chichewa mneni aliyense amanyamula mgwirizanitsi wa gulu la dzina: mwana wagwa, ana agwa, chingwe chaduka, zingwe zaduka, dengu lasowa, madengu asowa. Mgwirizanitsiyo amakhala kumayambiriro kwa mneni, amamveka bwino, ndipo amapezeka m'nthawi zonse za mneni. Mwana wa zaka zinayi akamva munthu akunena kuti "chingwe zaduka" amaseka.

Chingerezi chinataya pafupifupi zizindikiro zonse zotere. Chimene chinatsala ndi kachilembo *s* kumapeto kwa mneni, ndipo kamaoneka pamalo amodzi okha: m'nthawi yatsopano, pamene mwininkhani ndi munthu kapena chinthu chimodzi chimene chikukambidwa, osati woyankhula kapena woyankhulidwa. Motero pamakhala *she cooks* koma *I cook*, *you cook*, *we cook*, *they cook*. M'nthawi yakale kachilemboka kamasoweratu: *she cooked*, *they cooked*. Mneni *be* yekha ndiye anasunga maonekedwe ambiri, *am*, *is* ndi *are* m'nthawi yatsopano, *was* ndi *were* m'nthawi yakale. Palinso *has* ndi *have*, komanso *does* ndi *do*. Mgwirizano wonse wa mneni wa Chingerezi umathera pamenepa.

Kuchepa kwakeku ndi kumene kumasokoneza. Choyamba, kachilembo komweko kamagwira ntchito ziwiri zotsutsana. Pa dzina *s* amachulukitsa, pa mneni amasonyeza chimodzi: *the goat eats*, *the goats eat*. Wophunzira amene anamva kuti *s* amachulukitsa amalemba *the goats eats* poganiza kuti wagwirizanitsa bwino, monga momwe Chichewa chimabwerezera *zi* m'mawu akuti "zingwe zaduka". Chachiwiri, maphatikizo a Chichewa amathera pa lembo la liwu, kotero mawu ngati *asks* kapena *wants*, amene amathera pa malembo opanda liwu awiri kapena atatu oundana, savuta kuwadula poyankhula. Kachilembo kamene sikamveka pakamwa kamasowanso pa pepala. N'chifukwa chake malangizo akuti munthu angowerenga chiganizo mokweza n'kumva ngati chikukoma m'khutu amathandiza pang'ono chabe kwa amene Chingerezi anachiphunzira kusukulu.

Pali malo awiri amene *s* sayenera kuoneka ngakhale mwininkhani akhale mmodzi. Aneni othandizira monga *can*, *will*, *must*, *may* ndi *should* sasintha, ndipo mneni wowatsatira sasinthanso: *she can cook*, osati *she can cooks*. Chimodzimodzi pofunsa ndi pokana. M'chiganizo chakuti *Does she cook?* mgwirizano wanyamulidwa kale ndi *does*, kotero *Does she cooks?* ndi *She doesn't cooks* ndi zolakwika. M'gulu lililonse la aneni oyendera limodzi, woyamba yekha ndiye amagwirizana ndi mwininkhani.

Kupeza mwininkhani weniweni

Mwininkhani sakhala liwu limodzi nthawi zonse. Kawirikawiri amakhala gulu la mawu, ndipo m'gululo muli dzina limodzi limene ndilo mutu, pamene ena onse akungolifotokoza. Mneni amamvera mutuwo basi. M'chiganizo chakuti *The basket of mangoes is heavy*, cholemera ndi dengu, ndipo *of mangoes* akungonena za m'kati mwake. Woyankhula Chichewa sangaphonye apa m'chiyankhulo chake: amati "dengu la mango lagwa", sanena kuti "dengu la mango agwa". Koma munthu yemweyo polemba Chingerezi amaona *mangoes* ataima pafupi ndi mneni, dzanja n'kulemba *are*.

Cholakwa chimenechi sichigwira alendo okha. Mu 1991 akatswiri awiri, Kathryn Bock ndi Carol Miller, anafalitsa kafukufuku amene anachita pa eni Chingerezi a ku Amereka. Ankawapatsa chiyambi cha chiganizo, chokhala ndi dzina la mutu ndi dzina lina lotsatira, kuti achibwereze n'kuchimaliza. Anapeza kuti anthu ankaphonya mgwirizano makamaka pamene mutu unali wa chinthu chimodzi koma dzina loyandikana ndi mneni lili lochulukitsa. Zikatembenuka, mutu wochulukitsa ndi dzina lapafupi la chimodzi, zolakwa zinkachepa kwambiri. Dzina lochulukitsa limakoka mneni mwamphamvu. Woweruza chiganizo apeze phindu pamenepa: paliponse pamene dzina lochulukitsa laima moyandikana ndi *are*, *were* kapena *have*, ndi bwino kubwerera m'mbuyo kukaona ngati dzinalo ndilodi mutu.

Pali njira ziwiri zoyesera zimene sizifuna kuloweza. Yoyamba ndi kuphimba ndi chala mawu onse oyamba ndi mperekezi amene ali pakati pa dzina loyamba ndi mneni, monga *of*, *in*, *on*, *for* ndi *with* pamodzi ndi mayina owatsatira. Pa *The price of tomatoes in the markets have risen*, akaphimbidwa *of tomatoes* ndi *in the markets* patsala *The price have risen*, ndipo chilema chaonekera poyera. Mneni woyenera ndi *has*. Yachiwiri ndi kuchotsa mwininkhani yense n'kuikapo mlowam'malo mmodzi. Ngati pakukwana *he*, *she* kapena *it*, mneni ndi wa chimodzi; ngati pakukwana *they*, ndi wa zambiri. Mtengo wa tomato ndi *it*, ngakhale misika ikhale zana.

Mawu monga *as well as*, *together with* ndi *along with* amaphimbidwanso chimodzimodzi. Tanthauzo lake limafanana ndi la *and*, koma pa malamulo sawonjezera chiwerengero cha mwininkhani. *The chief, together with his advisers, is coming* ndi cholondola, ngakhale obwerawo ndi ambiri. Chiganizo chotere chimamveka chouma ndithu, ndipo wolemba waluso amangochisintha n'kuikapo *and*, koma pa mayeso yankho ndi *is*.

Nthambi za chiganizo zoyamba ndi *who*, *which* kapena *that* zili ndi mneni wakewake, ndipo mneniyo amagwirizana ndi dzina limene mlowam'maloyo akuimira. *The woman who sells bananas is here* chili ndi aneni awiri, *sells* ndi *is*, onse omvera *woman*. Dzina lakuti *bananas* ndi pamtherankhani wa *sells* chabe, ndipo lilibe mphamvu pa *is* ngakhale layandikana naye.

Mayina olumikizidwa, ndi mwininkhani wobwera pambuyo

Mayina awiri akalumikizidwa ndi *and* mneni amakhala wa zambiri, monga momwe Chichewa chimanenera kuti "khasu ndi nkhwangwa zasowa". Kupatulako ndi pamene mayina awiriwo akutchula chinthu chimodzi. *Rice and beans is on the menu* ndi chakudya chimodzi m'mbale imodzi. *The owner and driver of the minibus was arrested* ndi munthu mmodzi amene ali mwini wake komanso woyendetsa. Kukanakhala *the owner and the driver*, akanakhala anthu awiri ndipo mneni akanakhala *were*. Kubwereza kwa *the* ndiko kumaulula. Komanso *each* kapena *every* akatsogolera mayinawo, mneni amabwerera ku chimodzi: *Every boy and girl has a desk*.

Ndi *or* ndi *nor* zinthu zimasintha, chifukwa apa mayina sakuphatikizidwa, akusankhidwa. Onse akakhala a chimodzi mneni ndi wa chimodzi. Akasiyana chiwerengero, mneni amatsata dzina limene lili pafupi naye: *Either the parents or the teacher is wrong*, koma *Either the teacher or the parents are wrong*. Apa kuyandikana, kumene kwina konse kuli msampha, ndiko lamulo.

Msampha wina uli pa *there is* ndi *there are*. M'Chichewa "pali", "kuli" ndi "muli" sasintha ndi chiwerengero cha zinthu: pali munthu pakhomo, pali anthu pakhomo. Mgwirizanitsi wake amatsata malo. M'Chingerezi mneni amayang'ana dzina limene likubwera pambuyo pake, kotero *There is a visitor* koma *There are visitors*. Chiganizo chakuti *There is many problems* chimachokera ku chizolowezi cha "pali". Zoona zake n'zakuti eni Chingerezi nawonso pocheza amanena *there's* patsogolo pa dzina lochulukitsa, koma m'zolembedwa zaulemu zimenezo zimawerengedwa ngati cholakwa. Mafunso nawo amaika mwininkhani pambuyo: pa *Where are the keys?* mneni akumvera *keys*.

Ulemu wa Chichewa umalowereranso. Munthu wamkulu amapatsidwa mgwirizanitsi wochulukitsa: agogo abwera, abambo akudwala. Chingerezi sichilemekeza munthu wokambidwa pomuchulukitsa, kotero *My father are sick* n'cholakwika, ndipo *My father is sick* sichinyoza aliyense.

Mayina onyenga maso

Mayina ena maonekedwe ake amasiyana ndi chiwerengero chake. *News*, *mathematics*, *physics* ndi *measles* amathera pa *s* koma amatenga mneni wa chimodzi: *The news is bad*. Pamene *people*, *police* ndi *cattle* alibe *s* koma ndi ochulukitsa: *The police are investigating*. Zovala ndi zipangizo za mbali ziwiri, monga *trousers* ndi *scissors*, ndi zochulukitsa ngakhale buluku akhale mmodzi, pokhapokha patsogolo pakhale *a pair of*, pamene mutu umakhala *pair* ndipo mneni amakhala wa chimodzi.

Gulu lovuta kwambiri ndi la mayina amene Chingerezi sichiwawerenga: *information*, *advice*, *furniture*, *equipment*, *luggage*, *evidence*. Sachulukitsidwa, ndipo mneni wake ndi wa chimodzi nthawi zonse. Nzeru yokha singathandize munthu apa, chifukwa chiyankhulo chilichonse chimagawa zinthu mwa njira yake. Chichewa chimati "madzi atha", ndi mgwirizanitsi wofanana ndi wa "madengu", pamene Chingerezi chimati *the water is finished*; komabe "katundu wafika" amayenda bwinobwino ndi *the luggage has arrived*. Mayina otere amangofunika kuwaona mu dikishonale. Madikishonale a ophunzira, monga a Oxford ndi Longman, amasonyeza pa dzina lililonse ngati ndi lowerengeka kapena ayi.

Alowam'malo *everyone*, *everybody*, *someone*, *nobody* ndi *each* amatenga mneni wa chimodzi ngakhale akunena za khamu la anthu. Apa Chichewa chikugwirizana nazo: aliyense wafika, *everyone has arrived*.

Miyezo ya ndalama, nthawi ndi mtunda imawerengedwa ngati mulu umodzi: *Ten thousand kwacha is not enough*, *Five kilometres is a long walk*. Koma mawu osonyeza gawo, monga *half of*, *some of*, *most of* ndi *a lot of*, amaphwanya njira ya kuphimba ndi chala ija, pakuti mneni amatsata dzina lobwera pambuyo pa *of*: *Half of the maize is rotten*, *Half of the bags are torn*. Pamenepa pali awiri ofanana nkhope amene olemba mayeso amawakonda. *A number of pupils are absent* akutanthauza ana angapo, ndipo mneni ndi wa zambiri. *The number of pupils is falling* akunena za chiwerengero chenichenicho, chimene ndi chimodzi.

Pamene mayankho onse awiri ndi olondola

Buku lalikulu la malamulo a Chingerezi limene Randolph Quirk ndi anzake atatu anatulutsa mu 1985, *A Comprehensive Grammar of the English Language*, limafotokoza kuti mgwirizano umayendetsedwa ndi mphamvu zitatu: maonekedwe a dzina, ganizo limene woyankhula ali nalo pa chiwerengero, ndi kuyandikana kwa mawu. Nthawi zambiri zitatuzi zimaloza kumodzi. Zikakokana, m'pamene eni chiyankhulo amasiyana, ndipo woweruza wachilungamo sathamangira cholembera chofiira.

Chitsanzo chachikulu ndi mayina a magulu: *team*, *committee*, *family*, *government*, *staff*. Ku Amereka amakonda mneni wa chimodzi. Ku Britain onse awiri amaloledwa, malinga ndi chimene wolemba akuona. Akaona gulu ngati chinthu chimodzi amalemba *The committee has decided*. Akaona anthu ake payekhapayekha amalemba *The committee are arguing among themselves*. Olemba nkhani za mpira a ku Britain amalemba dzina la timu kapena la dziko ndi mneni wa zambiri, kotero *Malawi have won* si cholakwa m'kalembedwe kawo. Chimene sichiloledwa kulikonse ndi kusintha maganizo pakati pa chiganizo. *The committee has made their decision* chayamba ndi chimodzi n'kuthera ku zambiri. Chiyenera kukhala *has* ndi *its*, kapena *have* ndi *their*.

Liwu lakuti *none* lili m'gulu lomweli. Aphunzitsi ambiri amaumirira *None of the pupils is ready*, ndipo pa mayeso ndi yankho losaika munthu m'mavuto, koma *None of the pupils are ready* lakhala likulembedwa ndi olemba odziwika kwa zaka mazana ambiri. Kulichonga ngati cholakwa n'kuuma mtima chabe. Chimodzimodzi *they* woimira munthu mmodzi wosadziwika, monga mu *Everyone has brought their book*. Kagwiritsidwe kameneka kanayamba m'zaka za m'ma 1300. Olemba malamulo a m'zaka za m'ma 1700 anakakana n'kulamula *his*, koma lero mabuku ambiri a kalembedwe anakavomereza. Chofunika kuona n'chakuti mneni wa *everyone* amakhalabe *has*.

Palinso ziganizo zooneka zolakwika koma zili bwino. Pa *If I were the chief* ndi *The doctor insisted that she rest*, mneni sakunena zimene zilipo koma zongoganizira kapena zofunidwa, ndipo pamenepo Chingerezi chili ndi kapangidwe kake kakale kamene sikatenga *was* kapena *s*. Wochonga wosadziwa amaika *rests*, n'kusintha tanthauzo: dokotala sakulamulanso kuti mayiyo apume, akungotsimikiza kuti amapuma.

Malamulo amenewa sanagwe kumwamba. Kachilembo *s* ka pa mneni kanachokera kumpoto kwa Mangalande. Kummwera ankanena *goeth* ndi *hath*, monga momwe zilili m'Baibulo la King James la mu 1611, ndipo Shakespeare ankagwiritsa ntchito mitundu yonse iwiri. M'zaka za m'ma 1700 anthu ophunzira ankalemba *you was* poyankhula ndi munthu mmodzi, mpaka olemba malamulo monga Robert Lowth, amene buku lake linatuluka mu 1762, anakudzudzula. Ngakhale lero m'chigawo cha East Anglia ku Mangalande komweko anthu ambiri amanena *she go* popanda *s*, zimene Peter Trudgill anazifufuza mumzinda wa Norwich n'kuzifalitsa mu 1974. Anthuwo sakuphonya, akutsata malamulo a kayankhulidwe ka kwawo. Choncho mawu akuti "chiganizo cholakwika" amatanthauza kuti sichikutsata Chingerezi chovomerezeka cha m'mabuku, chimene ndicho chimafunidwa m'nyuzipepala, m'kalata yofunsira ntchito ndi pa mayeso a MSCE, pamene munthu salandira satifiketi ngati walephera Chingerezi.

Kuweruza chiganizo chimodzi mpaka pamapeto

Nachi chiganizo chofanana ndi zimene zimapezeka m'malipoti a m'maofesi:

*The list of farmers who receives the coupons were sent to the chief, but neither the chief nor his advisers has read it.*

Poliwerenga mothamanga limamveka ngati Chingerezi chabwino, ndipo uthenga wake ndi womveka: mndandanda wa alimi olandira makuponi unatumizidwa kwa mfumu, koma mfumuyo ndi nduna zake sanauwerenge. Woweruza sayamba ndi mayina, chifukwa alipo ambiri ndipo ena alibe ntchito pa mgwirizano. Amayamba ndi kuwerenga aneni amene akhoza kusintha ndi chiwerengero. Alipo atatu: *receives*, *were* ndi *has*. Mawu akuti *sent* ndi *read* ndi otsatira chabe m'magulu awo, ndipo sakhudzidwa. Aneni atatu ndiye kuti nthambi zitatu, iliyonse ndi mwininkhani wake.

Woyamba ndi *receives*. Ali m'nthambi yoyamba ndi *who*, kotero funso ndi lakuti *who* akuimira chiyani. Mndandanda sulandira makuponi. Olandira ndi alimi. Komanso *who* amaimira anthu, pamene mndandanda ukanafuna *which* kapena *that*. Mlowam'malo wokwana pa *farmers* ndi *they*, ndipo *they receives* sizitheka. Mneni akhale *receive*. Wolembayo mwina anakokedwa ndi *list*, kapena anaika *s* poganiza kuti akuchulukitsa.

Wachiwiri ndi *were*. Chimene chinatumizidwa kwa mfumu si alimi, si makuponi, koma pepala. Akaphimbidwa mawu onse kuyambira *of farmers* mpaka *coupons*, patsala *The list were sent*. Mndandanda ndi *it*, ndipo mneni ndi *was*. Apa pali ndendende zimene Bock ndi Miller anapeza: mutu wa chimodzi uli kutali, mayina awiri ochulukitsa ali pakati, ndipo lomaliza lagundana ndi mneni. Pali umboni wina m'chiganizo momwemo, pakuti kumapeto wolemba wagwiritsa ntchito *it*, kusonyeza kuti m'mutu mwake chotumizidwacho chinali chimodzi. Alowam'malo a kutsogolo kwa chiganizo nthawi zambiri amaulula chiwerengero chimene wolemba ankatanthauza.

Chochititsa chidwi n'chakuti aneni awiriwa asinthana malo. Amene anayenera kumvera *farmers* wamvera *list*, ndipo amene anayenera kumvera *list* wamvera mayina ochulukitsa. Wochonga amene angaphunzire lamulo limodzi lokha, lakuti mneni azitsata dzina loyamba, akonza *were* koma asiya *receives*. Amene angatsate dzina lapafupi nthawi zonse akonza *receives* koma asiya *were*. Mneni aliyense amafunsidwa payekha.

Wachitatu ndi *has*. Mwininkhani wake ndi mayina awiri olumikizidwa ndi *neither* ndi *nor*, loyamba la munthu mmodzi, lachiwiri la anthu ambiri. Loyandikana ndi mneni ndi *advisers*, kotero mneni akhale *have*. Mayinawo akanasinthana malo, *neither his advisers nor the chief*, mneni akanakhala *has*, ngakhale olemba ambiri amakonda kuika dzina lochulukitsa kumapeto kuti chiganizo chisamveke chokakamiza.

Mgwirizano ukatha, zotsala zimayang'anidwa mwachangu. Nthawi za aneni zikuyenderana: kutumiza kunachitika kale, kusawerenga kukupitirira mpaka pano, ndipo kulandira makuponi ndi chizolowezi. Mperekezi *to* ali pamalo pake, *it* akuloza mndandanda, ndipo palibe *not* wowonjezera pambuyo pa *neither*, amene akanakana kawiri. Chiganizo chokonzedwa ndi ichi:

*The list of farmers who receive the coupons was sent to the chief, but neither the chief nor his advisers have read it.*

Dzina limodzi likasintha, chigamulo chimasinthanso. Pakanakhala *lists* m'malo mwa *list*, mneni *were* akanakhala wolondola, koma *it* wa kumapeto akanayenera kukhala *them*. Ndipo pakanakhala *The committee of farmers* m'malo mwa mndandanda, monga mu *The committee of farmers were divided*, wochonga wotsata Chingerezi cha ku Britain akanausiya *were* momwemo, pamene wa ku Amereka akanalemba *was*.